Kampani ikafunsa kuti "mumatchaja zingati?": kuwerengera mtengo wa vidiyo ya malonda

Uthenga umene kampani imatumiza kwa munthu wopanga mavidiyo a pa intaneti nthawi zambiri umakhala waufupi. Amayamikira ntchito, amatchula katundu wawo, kenako amafunsa kuti vidiyo imodzi ndi zingati. Wofunsidwayo amayankha ndi nambala imodzi, imene waimva kwa mnzake kapena imene yangomufikira m'mutu, ndipo kampani ikavomera msanga amatsala ndi nkhawa yoti mwina watchipitsa. Nthawi zambiri amakhaladi atatchipitsa, koma osati pamalo pamene iye akuganizira.

Kampani imene ikulipira vidiyo yotsatsa malonda imagula zinthu zingapo zosiyana nthawi imodzi. Imagula ntchito yojambula ndi kukonza vidiyoyo. Imagula mwayi wofikira anthu amene amawonera mavidiyo a munthuyo ndi kumukhulupirira. Ndipo kawirikawiri, mwakachetechete, imatenganso ufulu wogwiritsa ntchito vidiyoyo m'malonda ake kwa miyezi kapena zaka. Zinthu ziwiri zoyambazo anthu amaziwona ndipo amanenerera mtengo wake. Chachitatucho chimabisala mu mzere umodzi wa mgwirizano, ndipo ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, titenge chitsanzo chimodzi n'kuchitsata mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wa ku Lilongwe amene amaphika pamaso pa kamera ndi kuika mavidiyo ake pa YouTube: futali, chambo chowotcha, zitumbuwa, nkhwani wotendera. Ali ndi omutsatira 80,000. Kampani yopanga mafuta ophikira, amene amagulitsidwa m'Malawi mokha, ikufuna vidiyo ya mphindi zisanu yophika ndi mafuta akewo. Mayiyu ndi wongoyerekeza, ndipo ndalama zonse za m'chitsanzochi ndi zowerengera chabe. Chofunika kuchigwira ndi njira yake.

Otsatira 80,000 si owonera 80,000

Nambala ya otsatira ndi imene imawoneka poyera, n'chifukwa chake onse awiri, kampani ndi mayi, amathamangira komweko. Koma nambalayi imangonena za anthu amene anadinapo batani tsiku lina, mwina zaka zitatu zapitazo. Ena anasintha foni, ena sagulanso bandulo yokwanira kuwonera mavidiyo aatali, ndipo YouTube yeniyeniyo siwonetsa vidiyo yatsopano kwa wotsatira aliyense. Kampani ikulipira vidiyo imene ikubwera, choncho funso loyenera ndi lakuti vidiyo wamba ya mayiyu imawoneredwa kangati.

Yankho lili mu YouTube Studio, pagawo la Analytics. Mayi atenge mavidiyo ake khumi omalizira a mtundu womwewo, aatali okhaokha osasakaniza ndi aafupi aja otchedwa Shorts, ndipo pa iliyonse awone nambala imene inafika m'masiku 30 oyamba. Masiku 30 ndi ofunika chifukwa vidiyo ya chaka chatha yakhala ikusonkhanitsa owonera kwa miyezi yambiri, ndipo kuiyerekeza ndi ya mwezi watha n'kudzinamiza. Tinene kuti wapeza izi, zitandandalikidwa kuyambira yaing'ono: 9,000, 11,000, 12,500, 13,000, 14,000, 16,000, 17,500, 19,000, 22,000, ndi 186,000.

Yomalizayo ndi vidiyo imene inafalikira modabwitsa, anthu n'kumatumizirana pa WhatsApp. Akaphatikiza nambala zonse n'kugawa ndi khumi, avereji imatuluka 32,000. Koma yang'anani mndandandawo: mavidiyo asanu ndi anayi mwa khumi sanafike ndi pa 23,000 pomwe. Mayi akatchaja ngati munthu wa 32,000, vidiyo ya mafuta n'kufika pa 14,000, kampani idzawona kuti yapusitsidwa ndipo sidzabweranso. Njira yabwino ndi kutenga nambala yapakati pa mndandanda. Popeza mavidiyo ndi khumi, zapakati ndi ziwiri, 14,000 ndi 16,000, ndipo pakati pa ziwirizi pali 15,000. Imeneyi ndiyo nambala imene mayi angaimepo molimba mtima, chifukwa theka la mavidiyo ake limaposa pamenepa ndipo theka silifika.

Pali chenjezo lina pa nambalazi. Zimene makina amawerenga ndi maulendo amene vidiyo yaseweredwa, osati anthu, ndipo malo aliwonse amawerenga mwa njira yawo. TikTok imawerenga vidiyo ikangoyamba kusewera. Facebook kwa zaka zambiri inkagwiritsa ntchito muyeso wa masekondi atatu. YouTube nayo inasintha pa 31 Malichi 2025: Shorts tsopano imawerengedwa nthawi iliyonse ikayamba kapena kubwerezedwa, pamene muyeso wakale unatsala pansi pa dzina lakuti "Engaged views". Choncho 15,000 ya vidiyo ya mphindi zisanu imene munthu anaisankha yekha n'kuidina ndi yolemera kwambiri kuposa 15,000 ya kavidiyo kamene kanangodutsa chala chikupalasa foni. Sizingagulidwe pa mtengo umodzi.

Anthu a zamalonda amawerengera ndi mtengo wa owonera 1,000 aliwonse, umene m'mapepala awo amaulemba kuti CPM. Palibe ofesi imene imalengeza mtengo umenewu, ndipo nambala zimene munthu amazipeza pa intaneti zambiri ndi za ku America, za m'madola, za msika wina kotheratu. Malo abwino oyambira ndi ntchito zake zakale. Tinene kuti chaka chatha sitolo ina inapatsa mayi K120,000 kuti aitchule mkati mwa vidiyo imene akanapanga kale, ndipo vidiyoyo inawoneredwa ka 12,000. Kugawa K120,000 ndi 12 kumapereka K10,000 pa 1,000 aliwonse. Sitoloyo inabweranso kachiwiri, zomwe zikusonyeza kuti mtengowo sunali wokwera mopambanitsa. Amene sanagwirepo ntchito yotere angafunse anzake awiri kapena atatu a msinkhu wake, osati kuti analandira zingati basi, koma zingati pa owonera angati. Nambala yoyamba yopanda yachiwiri siuza munthu kanthu.

Pa K10,000, owonera 15,000 ndi K150,000. Koma sitinafunse kuti anthu 15,000 amenewa ndi ndani.

Amene akuwonera, ndi amene angagule

Pagawo la Audience, YouTube imawonetsa mayiko amene owonera ali, misinkhu yawo, ndiponso ngati ambiri ndi amuna kapena akazi. Tinene kuti kwa mayi wathu, 60 pa 100 aliwonse ali m'Malawi, ndipo otsalawo ali ku South Africa, ku Britain, ku Zambia ndi kwina. Izi n'zachidziwikire pa mavidiyo a zakudya zakwathu, chifukwa munthu amene ali ku Joni ndi amene amalakalaka kwambiri kuwona mmene nkhwani amatenderera. Koma mafuta aja sagulitsidwa ku Joni. Kwa kampaniyi, anthu amene angalowe m'golosale n'kugula botolo ndi 9,000, osati 15,000, ndipo ikanena zimenezi ikunena zoona. Ndikuganiza kuti mayi ayenera kuvomera mfundo imeneyi asanauzidwe n'komwe.

Atavomera, ali ndi mfundo yakeyake yolimba. Anthu 9,000 amenewa si gulu wamba lodutsa pamsewu. Ambiri ndi amayi a zaka 25 mpaka 44, amene amaphika tsiku ndi tsiku ndipo ndiwo amasankha mafuta ogula m'nyumba. Abwera dala kudzaphunzira kuphika, ndipo akuwona mafutawo akuthiridwa m'poto ndi munthu amene amamutsanzira. Sitolo ya chaka chatha inkagulitsa zinthu zosiyanasiyana, ndipo kugwirizana kwake ndi owonera sikunali kotere. Mayi angathe kukweza mtengo wa 1,000 aliwonse ndi theka, kufika pa K15,000, koma n'kuwerengera okhawo a m'Malawi. Zikatero 9 kuchulukitsa ndi K15,000 ndi K135,000.

Mtengowo watsika pang'ono kuchoka pa K150,000, ndipo ndi momwe ziyenera kukhalira. Vidiyo yomweyo, owonera omwewo, zikanakhala kuti yabwera ndi kampani yotumiza ndalama kuchokera kunja, nkhani ikanatembenuka. Anthu 6,000 akunja aja, amene kampani ya mafuta ikuwawona ngati opanda ntchito, ndiwo akanakhala chuma chenicheni, chifukwa munthu amene wayamba kutumiza ndalama kumudzi kudzera ku kampani inayake amabwerako mwezi ndi mwezi. Phindu la botolo limodzi la mafuta ndi laling'ono. Phindu la kasitomala wobwera kwa zaka ndi lalikulu, ndipo kampani yotere imatha kulipira zambiri kuti imupeze. N'chifukwa chake wopanga mavidiyo a zaulimi amene amawoneredwa ndi alimi 5,000 angathe kutchaja kampani ya mbewu kuposa wanthabwala amene amawoneredwa ndi anthu 50,000, ambiri a iwo ana asukulu. Wanthabwalayo sanalakwe kanthu, ndipo kwa kampani ya zakumwa zoziziritsa kukhosi iye ndiye woyenera.

Kampani nayo ili ndi ufulu wodziteteza, chifukwa owonera amagulidwa. Chithunzi cha nambala n'chosavuta kuchisintha, choncho ndi bwino kupempha kuti mwini wake atsegule Analytics pamaso panu, kapena ajambule sikirini ya foni yake akuyendamo. Zizindikiro za chinyengo siziteteka kubisa: vidiyo ya m'Chichewa imene owonera ake ambiri ali m'mayiko kumene kulibe Amalawi ochuluka, nambala imene inalumpha tsiku limodzi n'kufa tsiku lotsatira, owonera masauzande ambiri koma ndemanga zisanu zosakhudza n'komwe zophikazo. Palinso mzere umene umasonyeza pamene anthu amasiyira kuwonera. Ngati kampani ikungotchulidwa mkati mwa vidiyo ya nkhani ina, mzerewu ndi wofunika kwambiri, pakuti kutchulidwa pa mphindi yachiwiri, anthu ambiri akadalipo, n'kosiyana ndi kutchulidwa kumapeto pamene atsala ochepa.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Vidiyo ya mafuta si imene mayi akanapanga mwa iye yekha. Ikupangidwa chifukwa kampani yaitanitsa, ndipo kampani idzafuna kuiwona isanatuluke. Zophikira, gasi, thiransipoti, mnyamata wogwira kamera ndi bandulo yokwezera vidiyo, tinene kuti zonse ndi K60,000. Tsiku limodzi lojambula ndi lina lokonza, pa K40,000 tsiku lililonse, ndi K80,000. Pamodzi ndi K140,000, ndipo pansi pa nambala imeneyi mayi akugwira ntchito yolipira yekha. Anthu otchuka kwambiri sasiyanitsa ndalama imeneyi, chifukwa imamira mu ndalama ya owonera. Kwa munthu wa 15,000 singamire, ndipo kuiiwala ndi kumene kumachititsa kuti munthu alandire K150,000 akusangalala, n'kupeza kumapeto kuti watsala ndi ya sopo yokha. Mgwirizano unenenso kuti kampani ingapemphe kusintha kangati. Kamodzi kapena kawiri n'kokwanira. Kujambulanso chifukwa abwana ena asintha maganizo ndi ntchito yatsopano.

K140,000 kuphatikiza K135,000 ndi K275,000. Uwu ndi mtengo wa vidiyo imodzi yoikidwa pa tsamba la mayi, basi.

Mzere umene umati kampani ingagwiritse ntchito vidiyoyi

Mgwirizano ukafika, mudzapeza mawu onena kuti kampani ili ndi ufulu wogwiritsa ntchito vidiyoyo, zithunzi zake ndi dzina la mayi, m'njira iliyonse, kulikonse, mpaka kalekale. Nthawi zambiri amene analemba sanafune kubera munthu. Ndi pepala lomwe loya anakonza kalekale, ndipo amalipereka kwa aliyense. Koma likasainidwa limagwira ntchito monga momwe lalembedwera.

Taganizirani zimene zingachitike. Kampani idula vidiyoyo kukhala tizidutswa ta masekondi 15, iika K1,000,000 ku Facebook kuti tizidutswato tiziwonekera kwa anthu mazanamazana ambiri amene sanamvepo za mayiyu. Itenga chithunzi chimodzi n'kuchiika pa chikwangwani chachikulu cha pamsewu. Mawu ake amveka pa wailesi. Mayi analipidwa molingana ndi owonera 9,000, koma nkhope yake ikugulitsa mafuta kwa dziko lonse. Kampani ikanafuna kupanga malonda otere payokha ikanalipira wojambula, wochita sewero ndi wokonza. Apa yapeza zonse pa K275,000.

Kutayika kwina sikuwoneka msanga. Bola nkhope ya mayi ikuwoneka ndi botolo la kampaniyi, palibe kampani ina ya mafuta imene ingamufune, ngakhale mgwirizano usanene chilichonse choletsa. Ndipo owonera ake akamamuwona m'malonda omwewo tsiku lililonse kwa chaka, amayamba kumudutsa, ngakhale pa mavidiyo ake enieni.

Vidiyo ndi ntchito yaluso, ndipo malamulo a umwini wa zaluso, amene m'Malawi ali mu Copyright Act ya 2016, amateteza ntchito zotere. Kulipira munthu kuti akutchuleni pa tsamba lake ndi nkhani imodzi, kutenga umwini wa vidiyo ndi nkhani ina, ndipo mgwirizano wolembedwa ndiwo uyenera kunena poyera chimene chagulidwa. Chimene mayi ayenera kupereka ndi chilolezo cha nthawi yodziwika, monga momwe mwini nyumba amaperekera nyumba ya lendi: mwezi ukatha wina amalipiranso kapena amatuluka, koma nyumba imakhalabe ya mwini wake.

Chilolezo chabwino chimayankha mafunso angapo momveka. Kampani idzaika vidiyoyo kuti: pa masamba ake okha, kapena pa wailesi yakanema ndi pa zikwangwani? Idzangoiika kuti otsatira ake aiwone, kapena idzalipira ndalama kuti ifalikire? M'dziko liti? Kuyambira tsiku liti mpaka tsiku liti? Kodi ingaidule, kusintha mawu, kapena kuiphatikiza ndi zithunzi zina? Funso lachiwirilo ndilo lolemera kwambiri. Kampani ikangogawana vidiyoyo pa tsamba lake kwa mwezi umodzi, osaikapo ndalama, ine ndingauze mayi kuti apereke mwaulere kapena pa kandalama kochepa, chifukwa zimamubweretsera owonera atsopano. Ikayamba kulipira kuti vidiyo ifalikire, yasanduka malonda a kampani, ndipo iyenera kulipiridwa payokha.

Njira yosavuta yowerengera ndi kutenga gawo la mtengo woyamba uja mwezi uliwonse. Palibe lamulo pa kukula kwa gawoli. Ine ndingayambire pa 20 pa 100. Pa K275,000, ndiye kuti K55,000 pa mwezi. Kampani ikafuna miyezi itatu ya malonda olipira pa Facebook, Instagram ndi YouTube, m'Malawi mokha, chilolezo ndi K165,000, ndipo zonse pamodzi ndi K440,000.

Ikafuna chaka chathunthu, si chilungamo kungochulukitsa ndi 12. Malonda amatopetsa, ndipo vidiyo imene anthu aiwona kwa miyezi isanu ndi umodzi sigulitsa ngati m'sabata yoyamba. Komanso amene akugula zambiri nthawi imodzi amayenera kuchotseredwa. Mayi angatchaje miyezi itatu yoyamba pa K55,000, ndipo miyezi isanu ndi inayi yotsalayo pa theka lake, K27,500. Chilolezo cha chaka chimafika pa K412,500, ndipo zonse pamodzi ndi K687,500. Wonani kuti pamenepa chilolezo chaposa mtengo wa vidiyo yeniyeniyo. Anthu amadabwa nazo, koma n'zoyenera: vidiyo pa tsamba la mayi imagwira ntchito yake yaikulu m'mwezi umodzi, pamene m'manja mwa kampani ikugwira miyezi khumi ndi iwiri. Wailesi yakanema ndi zikwangwani sizili m'nambalayi. Zimenezo zikambidwe padera, zikadzafunika.

Nanga za mpaka kalekale? Ine ndingakane, ngakhale ndalama yake ikhale yokopa. Palibe amene angawerengere mtengo wa chinthu chopanda malire, ndipo kuno ndalama imene yaperekedwa lero sikhala ndi mphamvu yomweyo mawa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Munthu amene anagulitsa chilolezo cha zaka zisanu kumayambiriro kwa 2022 anawona ndalama yake ikusungunuka kawiri pamene nkhope yake ikugwirabe ntchito. Chilolezo chachifupi chimene chingawonjezeredwe chimapatsa mpata wokambirananso pa mtengo wa nthawiyo. Ndipo kampani siluza nacho. Makampani ambiri sagwiritsa ntchito vidiyo imodzi kwa zaka. Amangolemba mawu amenewo kuti asadzavutike kufunsanso. Mukawafunsa kuti malonda awo akonza kuti ayende miyezi ingati, yankho limakhala lodziwika, ndipo ndiyo miyezi yoti alipire.

Makina nawonso amathandiza kusunga malire. Pa TikTok, kampani imene ikufuna kufalitsa vidiyo kudzera pa dzina la mwini wake imagwiritsa ntchito njira yotchedwa Spark Ads, ndipo mwini vidiyo ndiye amapanga nambala yachinsinsi yololeza, n'kusankha nthawi yake, monga masiku 7, 30, 60 kapena 365. Amene walipidwa mwezi umodzi asankhe 30, asapereke 365 chifukwa chongofuna kusangalatsa. Pa Facebook ndi Instagram palinso chilolezo chofanana chimene mwini tsamba amapereka ndipo angachichotse. Palibe chifukwa chopatsira kampani mawu achinsinsi olowera pa tsamba lanu. Nthawi ikatha, aliyense angalowe mu Meta Ad Library, kulemba dzina la kampani, n'kuwona malonda amene ikuyendetsa pa nthawiyo. Mayi akapezamo nkhope yake m'mwezi wachinayi, atalipidwa itatu, ajambule zimene wawona ndi deti lake, atumize invoisi ya mwezi wowonjezera. Zimakhala zosavuta ngati mgwirizano unanena kale mtengo wa mwezi wowonjezera.

Pali mbuna imodzi imene imagwetsa ngakhale anthu osamala, ndiyo nyimbo. Mayi sangapereke chilolezo pa chinthu chimene si chake. Nyimbo yotchuka imene TikTok imalola anthu wamba kuika m'mavidiyo awo si yololedwa pa malonda. Pa ntchito imeneyo TikTok ili ndi nkhokwe ina yotchedwa Commercial Music Library. Ngati m'vidiyo mukumveka nyimbo ya woimba wa kuno, chilolezo chake chifunsidwe kwa eni ake, ndipo bungwe la COSOMA, limene limayang'anira za umwini wa zaluso m'Malawi, ndi malo oyambira kufunsa. Mgwirizano unene kuti amene alipire zimenezi ndi ndani. Chosavuta kwambiri ndi kujambula vidiyo ya malonda popanda nyimbo ya munthu.

Kampani idzapemphanso kuti mayi asagwire ntchito ndi opikisana nayo. Ili ndi pempho lina, losiyana ndi chilolezo, ndipo mtengo wake ndi ndalama zimene mayi ataye pokana ena. Chachikulu apa ndi kuchepetsa mawu. Mgwirizano ukati "makampani a zakudya", munthu wophika watsekeredwa msika wake wonse: ufa, mpunga, zokometsera, shuga. Ukati "mafuta ophikira, kwa miyezi itatu", watsekeredwa khomo limodzi lokha, limene nkhope yake pa malonda yalitseka kale. Chachiwirichi angachipereke pa mtengo wochepa. Choyambacho chimafuna ndalama yofanana ndi ntchito zonse zimene amapeza m'miyezi imeneyo.

Zikavuta, ndi pamene ndalama sizikukwana

Ngakhale nambala yapakati ikhale yowerengedwa bwino, vidiyo ina imagwa. Kampani ili ndi chifukwa chodera nkhawa, koma si chilungamo kuti malipiro onse adalire nambala imene mayi sangailamulire. Njira imene ndimaiwona kuti ndi yachilungamo ndi kugwirizana pasadakhale kuti vidiyo ikalephera kufika pa 10,000 m'masiku 30, mayi adzaika kavidiyo kena kakafupi mwaulere. Ndalama ya ntchito sibwezedwa, chifukwa ntchitoyo inagwiridwa. Mbali inayo ikhaleponso: vidiyo ikapitirira 15,000 kwambiri, kampani iwonjezere pa 1,000 aliwonse, mpaka pa malire amene agwirizana kuti bajeti yake isaphulike.

Kawirikawiri kampani idzayankha kuti ili ndi K300,000 yokha. Cholakwika chofala ndi kutsitsa mtengo n'kusiya zonse momwe zilili. Popeza mtengo wa mayi wagawidwa m'zigawo, angachotse katundu m'malo mochotsa ndalama: pa K300,000 kampani ilandira vidiyo pa tsamba la mayi ndi ufulu woigawana pa tsamba lake kwa mwezi, popanda malonda olipira. Ikawona kuti vidiyo yayenda bwino, idzabwera yokha kudzagula miyezi, pa mtengo umene walembedwa kale. Izi zimathandizanso munthu wa ku ofesi ya malonda, amene ayenera kufotokozera abwana ake chifukwa chimene nambala ili yotere.

Theka la ndalama liperekedwe ntchito isanayambe, ndipo lotsalalo likhale ndi tsiku lake lolembedwa. Mayi afunsenso ngati K440,000 ndiyo imene ilowe m'manja mwake, chifukwa makampani olembetsedwa amadula msonkho pa malipiro ena n'kuupereka ku MRA. Akadula, apereke satifiketi yake. Katundu woperekedwa m'malo mwa ndalama awerengedwe mosamala: mabotolo khumi a mafuta salipira mnyamata wa kamera.

Chinthu chimodzi sichili pa msika. Owonera ayenera kuuzidwa kuti vidiyoyo yalipiridwa. YouTube ili ndi kabokosi kochonga ponena kuti muli malonda olipiridwa, ndipo m'mayiko monga America ndi Britain mabungwe a FTC ndi ASA amafuna kuti zimenezi zinenedwe poyera. Kampani ina idzapempha kuti mayi asanene, kuti ziwoneke ngati amangowakonda mafutawo. Akane. K15,000 ija pa 1,000 aliwonse akuilandira chifukwa amayi aja amakhulupirira kuti akanena kuti mafuta awa sachita thovu m'poto, ndiye kuti anawayesadi. Pachifukwa chomwecho, apemphe botolo sabata imodzi asanasaine, aphikire kunyumba, ndipo mgwirizano umupatse ufulu wokana chiganizo chilichonse chimene sanachitsimikize yekha.